Moni wa Lolemba: kukambirana kwa ophunzira Chichewa

Pafupifupi aliyense amene amaphunzira Chichewa ali wamkulu amayambira pa mizere iwiri: "Muli bwanji?" ndi yankho lake, "Ndili bwino, kaya inu?" Amailoweza, n'kupita nayo kuntchito Lolemba m'mawa ali wokondwa. Akangolowa pakhomo, mnzake amamulandira ndi "Mwadzuka bwanji?", kenaka "Kunyumba kwacha bwanji?", ndipo wophunzirayo amangoti kakasi. Vuto silikhala mutu wake ayi. Kukambirana kumene anamupatsa kuti ayeserere kunathera pamene moni weniweni umayambira.

Moni wa Lolemba ndi wautali kuposa wa Lachitatu chifukwa anthu amakhala asanaonane masiku awiri. M'masiku awiriwo kugwa maliro, kuchitika ukwati, mwana adwala, wina apita kumudzi. Maina a masikuwo amanena okha: Loweruka ndi tsiku loweruka kuntchito, ndipo Lolemba anthu amalifotokoza kuti linali tsiku lolemba anthu ntchito. Tsono amene akulembera ophunzira kukambirana kwa tsikuli ayenera kuikamo masiku a pakatiwo. Tiyerekeze kuti mayi wina, mlembi wa mu ofesi, wakumana pakhomo ndi bambo amene amayendetsa galimoto ya pantchitopo.

Mlembi: Mwadzuka bwanji, bambo?
Dalaivala: Ndadzuka bwino, kaya inu mayi?
Mlembi: Ndadzuka bwino, zikomo. Kunyumba kwacha bwanji?
Dalaivala: Kwacha bwino pang'ono. Mwana wamng'ono uja sanagone, watentha thupi.
Mlembi: Pepani. Mwapita naye kuchipatala?
Dalaivala: Mayi ake apita naye m'mawa uno. Kaya kwanu?
Mlembi: Tonse tili bwino. Loweruka tinapita kumudzi kukaona agogo.
Dalaivala: Munawapeza ali bwanji?
Mlembi: Ali bwino, akupereka moni.
Dalaivala: Zikomo. Tionana masana.
Mlembi: Zikomo. Mwanayo apeze bwino.

Choyamba chimene wophunzira ayenera kuona ndi chakuti awiriwa sakutchulana "iwe". Mayiyu akulankhula ndi munthu mmodzi koma akuti "mwadzuka", osati "wadzuka", ndipo bamboyo akuti "inu". M'Chichewa ulemu umayenda ndi mawu a anthu ambiri. Mlembi angakhale ndi malipiro okulirapo kuposa dalaivala, komabe samunena "wadzuka bwanji". Mawu amenewo ndi a mwana, kapena a mnzako amene munakulira limodzi. Mlendo amene wazolowera chinenero chokhala ndi liwu limodzi la "iwe" ndi "inu" amaphonya apa kawirikawiri, ndipo anzake samudzudzula. Amangomwetulira, n'kumuyankha ndi "inu" womveka bwino. Ngati wophunzira ali tcheru, pomwepo amadziwa kuti walakwa. Ulemu womwewu ukuoneka pa agogo: ndi munthu mmodzi, koma dalaivala akufunsa kuti "munawapeza", osati "munamupeza".

Mzere umene ndimaukonda kwambiri, ndipo sindingalole kuti uchotsedwe, ndi wachinayi: "Kwacha bwino pang'ono." Zokambirana zambiri zoyeserera zimakhala ndi anthu amene nthawi zonse ali bwino, ana ali bwino, kunyumba kuli bwino. Wophunzira amazolowera kumva liwu lakuti "bwino" n'kuthamangira kunena "zikomo". Koma Mchewa kawirikawiri sayamba ndi nkhani yoipa. Amati "pang'ono", kapena "tadzuka choncho", n'kudikira kuti umufunse. Ukangoti "zikomo" n'kupita kukakhala pa mpando wako, wamusiya munthu nkhani ili pakamwa. N'chifukwa chake liwu lakuti "pepani" liyenera kulowa m'phunziro loyamba lenilenilo, pamodzi ndi kufotokoza kuti silitanthauza kuvomera kulakwa kokha. Mlembi sanadwalitse mwanayo. Akungosonyeza kuti nkhaniyo yamukhudza, ndipo funso lakuti "Mwapita naye kuchipatala?" likutsimikiza kuti wamvadi.

Pali kamsampha kena m'mawu akuti "mayi ake". Wophunzira watsopano angafunse kuti mayi a yani, mwinanso n'kuganiza kuti ndi mayi a dalaivalayo. Bamboyu akunena za mkazi wake, koma akumutchula kudzera mwa mwana, monga momwe timachitira tikamati "amake Chikondi" kapena "bambo a ujeni". Mphunzitsi aime pamenepa ndithu, chifukwa wophunzirayo adzamva katchulidwe kameneka tsiku lililonse.

Tsopano za nthawi ya aneni, imene ndiyo imapangitsa Lolemba kukhala tsiku labwino lophunzitsira. Zochitika m'mawa womwewo, zimene zotsatira zake zidakalipo, zikunenedwa mwanjira imodzi: "ndadzuka", "kwacha", "watentha thupi", "apita naye". Za Loweruka zikunenedwa ndi kaphatikizo ka -na-: "tinapita", "munawapeza". Wophunzira akasokoneza ziwirizi n'kunena kuti "ndinadzuka bwino", womvayo amayembekeza kumva kuti linali liti, kapena kuti pambuyo pake panachitika chiyani. Njira yosavuta yoyesera ngati wamvetsa ndi kumuuza asinthe tsiku. Akaika "m'mawa uno" m'malo mwa "Loweruka", kodi wasinthanso "tinapita" kukhala "tapita"?

Moni womwewo uli ndi malire ake a nthawi. "Mwadzuka bwanji?" ndi wa m'mawa. Awiriwa akadzaonananso masana adzati "Mwaswera bwanji?", yankho n'kukhala "Ndaswera bwino." Ndipo wophunzira amene akupita ku Lusaka adziwe kuti kumeneko adzamva kwambiri "Mwauka bwanji?"

Polemba kukambirana kotere, chiyeso chachikulu ndi kuyamba ndi Chingerezi m'mutu n'kumangotembenuza mzere ndi mzere. Zikatero pamatuluka "M'mawa wabwino" ngati moni woyamba. Mawuwa amamveka pa wailesi, koma anthu awiri okumana pakhomo la ofesi amafunsana za kudzuka. Lakuti "Wikendi inali bwanji?" limanenedwadi ku Blantyre ndi ku Lilongwe, ndipo sindikuona cholakwika kuliphunzitsa. Koma libwere pambuyo pa funso la kunyumba, chifukwa kufunsa za chisangalalo usanafunse za moyo wa ana kumamveka ngati kudumpha mtsinje pamene pali mlatho. Za "Bo?" ndi "Zikuyenda?" wophunzira azidziwe kuti akazimva asadabwe, koma ayambe wadikira kuti mnzakeyo ndiye ayambitse.

Poyeserera, mphunzitsi ayambe wawerenga mokweza yekha, ophunzira atatseka mapepala. Kalembedwe kathu sikaonetsa kukwera ndi kutsika kwa liwu, choncho amene wayamba ndi maso amatchula mawu onse mofanana, ndipo chizolowezicho chimavuta kuchichotsa. Kenaka awiriawiri aimirire, apatsane moni wa m'manja, dzanja lamanzere litagwirizira mkono wamanja monga timachitira posonyeza ulemu, ndipo asinthane mbali. Ulendo wachitatu ndiwo wofunika: amene ali dalaivala asinthe mzere wachinayi osamuuza mnzake. Lero anene kuti kwacha bwino, ulendo wina anene kuti anali kumaliro a malume ake, winanso anene kuti mlongo wake wabereka mwana. Mlembi ayenera kusankha yekha pakati pa "zikomo", "pepani" ndi "mwana ndani?" Akayankha "zikomo" pa nkhani ya maliro, ndiye kuti waloweza pepala koma sakumvetsera, ndipo abwerere ku mzere woyamba.