Katayidwe ka mankhwala otha ntchito pakhomo

Katayidwe ka mankhwala otha ntchito pakhomo ndi njira zochotsera m'nyumba mapiritsi, makapusozi, mankhwala amadzi ndi ena amene apitirira tsiku lake kapena amene sakufunikanso, mosaika pachiswe anthu, ziweto, madzi ndi mpweya. Mankhwala akapitirira tsiku lake sakhala kuti afa. Ambiri amakhalabe ndi mphamvu yokwanira kuvulaza mwana kapena chiweto, ngakhale sangadaliridwenso pochiza matenda. N'chifukwa chake njira yoyenera kwambiri ndi kuwabweza ku famase kapena kuchipatala. Kuwathira m'chimbudzi kapena kuwatentha pamoto kumangowasamutsa, kuwachotsa m'kabati n'kuwaika m'madzi kapena mumpweya.

Mankhwala amene ayenera kutayidwa

Papaketi kapena pabotolo pamakhala zilembo za EXP zotsatiridwa ndi mwezi ndi chaka. Ngati palembedwa EXP 06/2025, mankhwalawo ndi odalirika mpaka tsiku lomaliza la mwezi wa Juni 2025. Tsikuli limagwira ntchito pokhapokha ngati mankhwalawo anasungidwa monga mmene wopanga ananenera. Mapiritsi amene akhala pawindo padzuwa, kapena pamalo achinyezi, angawonongeke tsikulo lisanafike. Zizindikiro zake ndi kusintha mtundu, kufumbutuka, kumatana, kapena fungo lachilendo. Asipilini wowonongeka amanunkha ngati viniga.

Mankhwala ena amakhala ndi nthawi yawo yaifupi akangotsegulidwa. Amokisisilini wa ana amabwera ngati ufa m'botolo, ndipo akasungunulidwa ndi madzi amakhala masiku 7 mpaka 14 okha, malinga ndi zimene zalembedwa pabotolopo. Mankhwala ambiri odontheza m'maso amatayidwa pakatha masiku 28 chitsegulireni, chifukwa tizilombo tingalowe m'kabotoloko.

Gulu lina ndi la mankhwala abwinobwino amene mwini wake sakuwafunanso, mwina chifukwa dokotala wamusinthira ena kapena wodwalayo wamwalira. Awa ndi amene amakhalitsa m'nyumba, ndipo kawirikawiri amathera kwa m'bale kapena mnansi amene akuoneka kuti akudwala matenda ofanana. Kugawana kotereku n'koopsa, chifukwa mlingo wa munthu wina sungafanane ndi wa mnzake. Kwa ana aang'ono, mapiritsi owonjezera magazi amene amayi oyembekezera amalandira ku sikelo ndi oopsa kwambiri, ndipo Panado wambiri amawononga chiwindi.

Chifukwa chake kuthira m'madzi kumavulaza

Madzi a m'chimbudzi chogejemula kapena a m'sinki amapita ku thanki ya zonyansa pakhomo pomwepo kapena kumalo oyeretsera madzi a suweji. Malo amenewa anapangidwa kuti azichotsa zinyalala, ndowe ndi tizilombo toyambitsa matenda, osati mankhwala. Mankhwala ena amasweka pang'ono chabe, ndipo ena amadutsa osasintha n'kukafika mumtsinje. Kafukufuku wina amene anafalitsidwa mu 2022 anayeza madzi a mitsinje 258 m'mayiko 104. Pakati pa mankhwala amene anapezeka kawirikawiri panali kabamazepini, wa matenda a khunyu, ndi metifomini, wa matenda a shuga. Gawo lalikulu la mankhwala opezeka m'mitsinje limachokera mumkodzo ndi m'chimbudzi cha anthu amene akumwa mankhwalawo, komanso m'mafakitale. Gawo lochokera ku mankhwala otayidwa ndi limene banja lingalipewe mosavuta.

Mlingo wochepa kwambiri ungasokoneze zamoyo za m'madzi. Asayansi a ku Canada anathira mankhwala amene amapezeka m'mapiritsi olera m'kanyanja kena kochitirako kafukufuku m'chigawo cha Ontario, kwa zaka zitatu. Mlingo wake unali wofanana ndi magalamu 5 kapena 6 m'malita biliyoni imodzi a madzi. Nsomba zamphongo za mtundu wina waung'ono zinayamba kupanga zinthu zimene nsomba zazikazi zimapangira mazira, kuswana kunasokonekera, ndipo mtunduwo unatsala pang'ono kutheratu m'kanyanjako. Zotsatirazi zinafalitsidwa mu 2007.

Mankhwala opha mabakiteriya, monga amokisisilini ndi bakitirimu, ali ndi vuto linanso. Akasungunuka m'madzi ambiri, mphamvu yawo imakhala yosakwanira kupha mabakiteriya onse. Ofooka amafa, ndipo amene ali ndi njira yodzitetezera amatsala n'kuchulukana. Umu ndi mmene tizilombo tosamva mankhwala timafalikira, ndipo mabakiteriya amatha kupatsirana mphamvu yodzitetezayi ngakhale ali a mitundu yosiyana.

Chimbudzi chokumba nachonso si malo otsekeka. Chimabisa mankhwala kwa ana ndi ziweto, koma madzi a m'dzenjemo amalowerera m'nthaka, makamaka m'nyengo ya dzinja pamene madzi apansi amakwera. Kumene chitsime chili pafupi, kapena kumene dothi lake ndi lamchenga, zimene zasungunuka m'dzenjemo zingafike m'madzi akumwa.

Pali mankhwala ochepa amene malangizo ake amasiyana. Ku America, bungwe la FDA lili ndi mndandanda wa mankhwala amene limalola kuwagejemula ngati palibe malo owabwezera. Ambiri ndi opha ululu amphamvu kwambiri, a m'gulu la mofini, amene mlingo umodzi wokha ungaphe mwana. Malangizowa ndi a mankhwala okhawo, si a mankhwala onse.

Chifukwa chake kutentha kumavulaza

Moto umawononga mankhwala kotheratu pokhapokha ukakhala waukulu kwambiri ndiponso wofanana paliponse. Malangizo a bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO a mu 1999 amatchula ng'anjo zotentha kupitirira madigiri 1,200, komanso ng'anjo zapakati zosachepera madigiri 850 pamene zazikuluzo palibe. Ng'anjo zoterezi zimatenthanso utsi womwewo usanatuluke. Moto wa padzala kapena wa pambaula sutero. Umayaka kwambiri pena n'kumanyeka pena, kotero kuti mankhwala ena amauluka ndi utsi pamene ena amatsala m'phulusa. Mvula ikagwa phulusalo limakokoloka, ndipo nkhuku zimapalasa pomwepo.

Vuto lachiwiri ndi paketi. Timapaketi tambiri ta mapiritsi timapangidwa ndi pulasitiki ya mtundu wa PVC yomatidwa ndi kachitsulo kopyapyala. Pulasitiki imeneyi ikapsa pamoto wochepa imatulutsa utsi wowawa m'maso ndi m'mapapo, komanso poizoni wotchedwa dayokisini. Dayokisini sawola msanga, amaunjikana m'mafuta a nyama ndi anthu, ndipo mitundu ina imayambitsa khansa. Vuto lachitatu ndi timabotolo topopera ta odwala mphumu. Timakhala ndi mpweya wopanikizidwa ngakhale tikaoneka kuti tatha, ndipo timaphulika tikaponyedwa pamoto.

Kubweza mankhwala

Mankhwala obwezedwa amasonkhanitsidwa pamodzi ndi zinyalala zina za chipatala n'kukawonongedwa moyang'aniridwa. Kupatula ng'anjo, pali njira yowakwirira m'simenti: mankhwala amaikidwa m'mgolo mpaka magawo atatu mwa anayi, malo otsalawo amadzazidwa ndi simenti yosakaniza ndi laimu ndi madzi, kenako mgolowo umatsekedwa n'kukakwiriridwa pansi pa mtaya wa zinyalala. Ku Malawi nkhani za mankhwala zimayang'aniridwa ndi bungwe la PMRA, ndipo ku Zambia ndi la ZAMRA. Ku Britain mafamase amalandira mankhwala otsala kuchokera kwa anthu. Kumene kulibe dongosolo lotere, ndi bwino kufunsa wogwira ntchito ku famase ya chipatala chapafupi. Mankhwala obwezedwa asiyidwe m'mapaketi awo kuti wolandirayo adziwe mtundu wake.

Mankhwala ena sayenera kutayidwa pakhomo ngakhale pang'ono. Awa ndi mofini ndi anzake, mankhwala a khansa, timabotolo topopera, ndi singano za jakisoni. Singano zimaikidwa m'chigubu cholimba chokhala ndi chitsekero, chimene singano singaboole, n'kupita nacho kuchipatala chisanadzaze.

Kutaya pakhomo pamene kubweza sikutheka

Cholinga cha njirayi ndi chakuti mankhwalawo asakope aliyense, asatolekenso, ndipo asakhudzane ndi madzi. Mwachitsanzo, banja lapeza m'kabati mapiritsi 12 a Panado opitirira tsiku lake, theka la botolo la amokisisilini wa mwana amene anasungunulidwa miyezi iwiri yapitayo, kabotolo ka mankhwala a m'maso, ndi kopopera ka mphumu kakale.

Kopopera kaja kamaikidwa padera kudikira ulendo wa kuchipatala. Mapiritsi amachotsedwa m'paketi koma sasinjidwa, chifukwa fumbi lake lingapumidwe. Amaikidwa m'botolo lapulasitiki lakukamwa kwakukulu kapena m'jumbo yolimba, n'kusakanizidwa ndi dothi, phulusa lozizira kapena masamba a tiyi ogwiritsidwa kale ntchito. Zosakanizazo zichuluke kuposa mankhwalawo. Amokisisilini uja ndi mankhwala a m'maso amathiridwa momwemo kuti dothi liwamwe, mpaka pasakhale madzi oyenda. Botololo limatsekedwa mwamphamvu n'kukulungidwa m'jumbo ina. Dzina la wodwala limafufutidwa pamabotolo opanda kanthu, ndipo mabotolowo sagwiritsidwanso ntchito kusungiramo mchere, mafuta kapena madzi. Pomaliza, munthuyo amasamba m'manja ndi sopo.

M'tauni momwe galimoto imatola zinyalala, phukusilo limaikidwa m'bini tsiku lomwe galimotoyo ikubwera, kuti lisakhalitse pamalo amene ana, agalu ndi otola zinyalala angalifikire. Kumudzi limakwiriridwa m'dzenje lakuya pamalo okwera amene sipadikha madzi, kutali ndi dimba, ndipo mtunda wake kuchokera pachitsime, pamjigo kapena pamtsinje usachepere mamita 30, womwe ndi mtunda umene umalangizidwanso pokumba chimbudzi. Lisaponyedwe padzala limene limatenthedwa.

Njirayi ili ndi malire ake. Siwononga mankhwalawo, imangowatsekera, ndipo pulasitiki ikadzang'ambika ena adzalowabe m'nthaka pang'onopang'ono. Ndi yoyenera mankhwala ochepa a banja limodzi, osati makatoni a m'golosale kapena a chipatala.

Kuchepetsa zotsala

Mankhwala ambiri otsala amayamba ndi wodwala amene wasiya kumwa atangopeza bwino. Mapiritsi a LA a malungo amamwedwa kawiri patsiku kwa masiku atatu, ndipo sayenera kutsala ngakhale limodzi. Botolo la amokisisilini lotsala theka lingasonyeze kuti mwana sanamalize masiku amene anauzidwa, ngakhale nthawi zina botolo limangokhala lalikulu kuposa mlingo wofunika. Kulemba tsiku lotsegulira pabotolo, kugula mankhwala ochepa panthawi imodzi, ndi kuyang'ana m'kabati kawiri pachaka kumathandiza kuti otayidwa akhale ochepa. Ngati mwana wameza mankhwala otayidwa, apite naye kuchipatala nthawi yomweyo pamodzi ndi paketi yake, osamusanzitsa ndiponso osadikira zizindikiro, chifukwa kuwonongeka kwa chiwindi kobwera ndi Panado kumayamba kuonekera patapita tsiku limodzi kapena kuposerapo.