Kutsatira ndulu: phunziro la maola awiri kwa ophunzira unamwino

Aliyense amene anatumbulapo nkhuku amadziwa kakathumba kobiriwira kamene kamamatirira pachiwindi, ndipo amadziwanso kuti kakaphulika ndiwo zonse zawawa. Mphunzitsi wa anamwino amene akukonza phunziro la chiwindi ndi njira za ndulu ayambire pomwepo. M'malo moyamba ndi mndandanda wa mayina pabolodi, apite kwa ogulitsa nyama m'mawa, agule chiwindi cha mbuzi chathunthu, ndulu yake isanachotsedwe, ndipo achiike m'beseni patsogolo pa kalasi. Maola awiri otsatirawo akhale ndi funso limodzi lokha: ndulu imachokera kuti, imadzera pati, nanga njira yake ikatsekeka wodwala amaoneka bwanji?

Mphindi 20 zoyambirira ndi zogwira ndi manja. Ophunzira avale magolovesi, atembenuze chiwindicho, aone mbali yosalala ndi mbali ya pansi pomwe pali thumba la ndulu ndi pomwe mitsempha imalowera. Kenako aliyense aike dzanja pansi pa nthiti zake zakumanja, chifukwa m'menemo ndi momwe mumakhala chiwindi cha munthu. Cha wamkulu chimalemera pafupifupi kilogalamu imodzi ndi theka, ndipo chimalandira magazi kuchokera mbali ziwiri: ochuluka amabwera kuchokera kumatumbo atanyamula zakudya zogayidwa, otsalawo amachokera kumtima. Za magawo a chiwindi zisadye nthawi yambiri tsiku limeneli. Zingadikire.

Pamene mphunzitsi ayenera kukhazikika ndi pa ulendo wa ndulu. Ophunzira ambiri amabwera akuganiza kuti ndulu imapangidwa m'kathumba kaja. Ayi, imapangidwa ndi chiwindi, mamililita 500 mpaka 1,000 patsiku, ndipo kathumbako kamangosunga pang'ono, pafupifupi mamililita 50, n'kuikhuthalitsa. Timachubu ting'onoting'ono ta m'chiwindi timasonkhana n'kukhala njira ziwiri, yakumanja ndi yakumanzere. Ziwirizi zimakumana n'kukhala imodzi, yomwe imalandira kanjira kochokera kuthumba la ndulu, kenako imatsika, n'kudutsa m'mutu mwa kapamba, chiwalo chopanga insulini. Kumapeto imakumana ndi njira ya kapambayo ndipo zonse zimathira m'chiyambi cha matumbo aang'ono, pa khomo lomwe lili ndi kamnofu kotseka ndi kutsegula. Munthu akadya zamafuta, thumba limafinyika, khomo limatseguka, ndulu imakasakaniza mafutawo kuti agayike. Wophunzira aliyense ajambule njira imeneyi yekha papepala, buku litatsekedwa. Amene sangathe kuijambula sangamvetse zimene zikubwera.

Mtundu wa ndulu nawo uli ndi nkhani yake. Maselo ofiira a magazi amakhala masiku pafupifupi 120, ndipo akatha ntchito amasiya chinthu chachikasu chotchedwa bilirubini. Chiwindi chimachitola, n'kuchikonza kuti chizisungunuka m'madzi, n'kuchitaya kudzera mu ndulu. Chikafika m'matumbo, ndicho chimapatsa chimbudzi mtundu wake woderako.

Ola lachiwiri likamayamba, mphunzitsi atenge choko n'kulemba mtanda pa njira imene yajambulidwa pabolodi, n'kufunsa kuti: pakatsekeka apa, chichitike n'chiyani? Mtanda woyamba ukhale pa kanjira ka thumba. Kamwala kopangika m'ndulu kakatseka pamenepo, wodwala amamva ululu woopsa pansi pa nthiti zakumanja, nthawi zambiri atangodya zamafuta, ndipo ululuwo umatha kufika kumsana kapena kuphewa lakumanja. Koma kawirikawiri maso sachita chikasu, popeza ndulu yochokera kuchiwindi ikudutsabe. Mtanda wachiwiri ukhale pa njira yaikulu. Apa ndulu yasowa kolowera, bilirubini imabwerera m'magazi, maso amachita chikasu, mkodzo umada ngati tiyi wopanda mkaka, chimbudzi chimatuwa, ndipo thupi lonse limayabwa. Wophunzira amene wafika pa zizindikiro zimenezi poganiza yekha sadzaziiwala, pamene woloweza amazisokoneza mayeso asanafike n'komwe.

Kenako pabwere nkhani ya wodwala woyerekezera. Mayi wa zaka 45 wagonekedwa m'wodi atamva ululu kumtunda kwa mimba kwa masiku atatu. Wophunzira mmodzi akhale namwino, wina akhale wodwala. Namwino apite naye pafupi ndi zenera, chifukwa kuwala kwa babu kumabisa chikasu, ndipo pakhungu lakuda sichioneka msanga. Ayang'ane koyera kwa diso ndi pansi pa lilime. Kenako afunse funso limene ambiri amachita nalo manyazi: “Mayi, mundikhululukire, mukapita kuchimbudzi chikutuluka cha mtundu wanji?” Funso limeneli ndi lofunika kwambiri kwathu kuno, kumene munthu wa maso achikasu ndi thupi lotentha timathamangira kunena kuti ndi malungo. Malungo amabweretsadi chikasu poswa maselo a magazi, koma chimbudzi sichituwa. Chikatuwa, aganizire za njira ya ndulu, ngakhale magazi atasonyeza tizilombo ta malungo.

Mphunzitsi asinthe nkhaniyo pang'ono. Usiku mayi uja wayamba kunjenjemera, kutentha kwa thupi kwafika pa 39. Ululu, chikasu ndi kutentha thupi zikakumana, zomwe mabuku amazitcha zizindikiro zitatu za Charcot, ndiye kuti ndulu yotsekeredwa ija yagwidwa ndi majeremusi. Magazi akayamba kuthamanga motsika, wodwala n'kumalankhula zosokonekera, moyo uli pachiswe ndipo kudikira kuti kuche n'kulakwa kwakukulu. Ophunzira anene ndi pakamwa zimene angachite motsatana: kuitana dokotala nthawi yomweyo, kuika diripi, kutenga magazi okayeza, kupereka mankhwala opha majeremusi atangolembedwa, kuyeza kutentha, kugunda kwa mtima ndi kuthamanga kwa magazi pafupipafupi, kulemba kuchuluka kwa mkodzo, ndi kumuletsa kudya kufikira dokotala atanena. Adziwenso kuti mankhwala okha nthawi zina sakwanira, njirayo imafunika kutsegulidwa, ndiye kutumiza wodwala kuchipatala chachikulu kusachedwe. Ayang'anenso nkhama ndi pomwe pabayidwa singano. Popanda ndulu m'matumbo vitamini K salowa bwino m'thupi, ndipo magazi amavuta kuundana.

Si timiyala tokha timene timatseka njirayi. Njoka za m'mimba zimatha kukwera n'kulowamo. Ndipo munthu wachikulire amene chikasu chikukula pang'onopang'ono popanda ululu, uku akuonda, asanyozeredwe poti sakudandaula, chifukwa chotupa cha khansa m'mutu mwa kapamba chimafinya njira ya ndulu mwa mtundu umenewu.

Mphindi 15 zomaliza zipite kwa makanda, ndipo ine ndimaona kuti gawo limeneli lisamadumphidwe ngakhale nthawi itathina. Ana ambiri obadwa kumene amachita chikasu chomwe chimatha chokha. Koma alipo ochepa amene njira zawo za ndulu zimakhala zotsekeka, ndipo opaleshoni yotchedwa Kasai imathandiza kwambiri ikachitika mwana asanakwanitse masiku 60. Namwino wa kusikelo ndiye amakumana naye mwanayo pamasabata asanu ndi limodzi. Mayeso a tsikulo akhale pomwepo: khanda lobadwa pa nthawi yake, lapitirira masiku 14, maso akadali achikasu. Wophunzira wakhoza ngati wapempha mayi kuti amasule thewera, waona yekha mtundu wa chimbudzi, ndipo chikakhala chotuwa walemba kalata yotumiza mwanayo kwa dokotala tsiku lomwelo.