Malipoti awiri a ndalama za mjigo

Kumudzi kwathu tinali ndi komiti yosonkhetsa ndalama zokonzetsera mjigo, ndipo msungichuma wathu, mayi wokhulupirika ndithu, anawerenga lipoti la mwezi umodzi kawiri. Ndalama zinali zomwezo, kusiyana kunali pa kasanjidwe.

Loyamba linkatsata masiku monga mayiwo analembera m'kope: pa 3 banja lakuti lapereka, pa 5 tagula marabala, pa 6 auje alonjeza. Zolowa ndi zotuluka zinali ngati nyemba ndi chimanga m'thumba limodzi. Pomaliza anati zatsala K175,000. Koma ataphatikiza za pa foni ndi zimene anamasula pakansalu, zinangokwana K120,000. Manong'onong'o anayamba pomwepo, mayiwo n'kungozyolika.

Madzulo ake tinakhala nawo pakhonde n'kusanja lachiwiri. Pamwamba tinalemba zotsala za mwezi wathawo, K85,000. Kenako zolowa zokhazokha m'magulu atatu: zopereka za mabanja K240,000, za ulendo wa ndawala K130,000, za ganyu wa komiti K45,000. Pamodzi ndi zoyambira zija zinakwana K500,000. Zotuluka zinapita pazokha: zipangizo K290,000, mmisiri K60,000, thiransipoti K25,000, ndi K5,000 yodulidwa potapa ndalama pa foni, zonse K380,000. Kuchotsera, zinatsala K120,000, ndipo tinalemba komwe zili: K70,000 pa foni, K50,000 m'manja.

Apa m'pamene K55,000 "yosowa" ija inaonekera. K50,000 linali lonjezo la munthu amene anali asanapereke, koma m'kope linakhala pakati pa ndalama zenizeni. Inayo inali yodulidwa ija, imene sibwera ndi lisiti lapepala, imangooneka mu uthenga wa pa foni. Lipoti lotsata masiku limabisa zolakwika zoterezi chifukwa womvera alibe poimira kuti awonkhetse yekha. Lachiwirili munthu amalitsatira ndi zala, ndipo mzere womaliza ukasemphana ndi ndalama zimene mwagwira, mumadziwa kuti pali chimene chalumphidwa. Malonjezo tinawapatsa malo awoawo pansi penipeni, osawerengedwa.

Komabe sindinganene kuti loyamba lija linali lachabe. Linali ndi mayina ndi masiku, ndipo popanda ilo lonjezo lija sitikanalipeza. Kwathu munthu amene wagulitsa nkhuku kuti asonkhe amafuna kumva dzina lake likutchulidwa, ndipo mawu oti "mabanja K240,000" amam'meza. Pamsonkhano wotsatira agogo ena anaimikadi dzanja: "Amayi, nanga yanga ija ili pati?"

Kuyambira tsikulo msungichuma amayamba ndi tsamba lachidule lija, lokoperedwanso pabolodi ndi choko, kenako mlembi amawerenga mayina a opereka kuchokera m'kope, malisiti ali pathebulo omangidwa ndi labala.