Banja likatha, Ukaristia nawo utha?

Funso limene ife akatekisiti timalimva kwambiri limachokera kwa amayi amene amuna awo anawasiya: "Kodi ndingapitebe kutsogolo?" Ambiri amakhala atadziletsa okha kwa zaka, popanda wansembe amene anawaletsa.

Mu Mpingo wa Katolika, kutha kwa banja pakokha sikuletsa munthu kulandira Ukaristia. Titenge mayi amene anamangitsa ukwati m'tchalitchi, mwamuna n'kupita ku Joni, n'kukakwatira kumeneko, khoti n'kuthetsa banja. Ngati mayiyu akukhala yekha ndi ana, angathe kukalapa ndi kulandira monga mkhristu wina aliyense. Pamaso pa mpingo ukwati woyamba uja udakalipo, ndipo iye sanauphwanye.

Zimasintha akakwatiwanso mwamuna woyamba ali moyo. Papa Yohane Paulo Wachiwiri, m'kalata yake ya mu 1981, ananena kuti otere asalandire, koma sanadulidwe mumpingo: Misa apite, kumphakati asonkhane, ana abatizitse. Njira imene ilipo ndi yokaonana ndi bambo mfumu kuti nkhani ipite kubwalo la dayosizi. Bwalolo silifunsa kuti analakwa ndani pothetsa banja. Limafufuza ngati ukwatiwo unamangika kuyambira tsiku loyamba: kodi mtsikana anachita kukakamizidwa ndi makolo chifukwa cha pathupi? Kodi mwamuna anabisa mkazi wina kumudzi? Pamafunika mboni, ndipo ankhoswe amathandiza kwambiri chifukwa anaona zoyambirira. Bwalo likapeza kuti ukwatiwo sunamangike, mayiyu angathe kudalitsa banja latsopano n'kuyambanso kulandira. Mu 2016 Papa Fransisko anauzanso ansembe kuti aziunika nkhani ya munthu aliyense payekha, koma si chilolezo choti munthu angodzigamulira mlandu ali pabenchi.

Funso lina la kulandira ndi la mlendo wochokera kumpingo wina, ndipo n'losavuta. Mkhristu wa CCAP akabwera ku Misa ya ukwati kapena ya maliro, asalowe pamzere ngakhale anzake pabenchi onse atanyamuka. Akhale pansi, palibe amene angamuone ngati wamwano. Chifukwa chake n'chakuti Akatolika amakhulupirira kuti mkate uja wasanduka Thupi la Khristu lenileni, ndipo woyankha "Amen" akuvomereza zimenezo. N'chimodzimodzi Mkatolika akapezeka pa Mgonero wa CCAP, lamulo la mpingo wake silimulola kudya nawo.

Ku CCAP nkhani ya Mgonero ili m'manja mwa seshoni, abusa ndi akulu ampingo. Mlendo wochokera kumpingo wina aonane ndi mkulu wampingo mapemphero asanayambe, ndipo amene banja lake latha akafotokoze kuseshoni, poti ndi imene imaimitsa ndi kubwezeretsa munthu. A Seventh Day Adventist amachita Mgonero kamodzi pa miyezi itatu ndipo amalola okhulupirira a mipingo ina, koma mlendo adziwiretu kuti amayamba ndi kusambitsana mapazi, ndipo m'chikho mumakhala madzi a mphesa osasasa.