Kukonza rauta yatsopano: kuchokera m'katoni mpaka wayifayi itayamba kugwira

Musanalumikize chilichonse kumagetsi, itembenuzeni rauta yanu yatsopanoyo muone kunsi kwake. Pali kapepala komata kolembedwa timalemba ting'onoting'ono, ndipo pafupifupi zonse zimene mufune pa ntchitoyi zili pamenepo: dzina la wayifayi limene rautayo yabwera nalo, pasiwedi yake, ndi adiresi yolowera mkati mwake. Kajambuleni ndi foni. Mukaikhazika rautayo pamwamba pa kabati, mawaya atalumikizidwa, simudzafuna kumaitsitsa kuti muwerenge manambala asanu ndi atatu.

Marauta alipo amitundu yambiri, koma titenge mtundu umene umapezeka m'nyumba ndi m'maofesi ang'onoang'ono kuno kwathu, womwe umakoka intaneti kudzera pa simukhadi monga imachitira foni. Chitsanzo chathu chikhala TP-Link TL-MR6400, rauta ya 4G. Ngati yanu ndi ya kampani ina, mayina a pa sikirini asiyanako pang'ono, koma njira yake ndi yomweyo.

M'katonimo mupezamo rautayo, adaputa ya magetsi, waya umodzi wolumikizira kompyuta, ndi kabuku. Pa mitundu ina tinyanga tiwiri togwirira netiweki timabwera patokha, ndipo mumachita kutimanga kumbuyo pozungulitsa ndi dzanja basi, osafuna pulayala. Adaputa gwiritsani ntchito yomwe yabwera m'katoniyo. Ya dikoda kapena ya wailesi ikhoza kulowa bwinobwino pabowo, koma ngati mphamvu yake ndi yosiyana ndi imene yalembedwa pa kapepala kaja, rauta imangozimazima kapena kupsa kumene.

Simukhadi ndiye imafuna kuiganizira kaye. Iyenera kukhala yolembetsedwa, ndiponso ikhale ndi bandulo yotsegula intaneti yonse. Bandulo ya WhatsApp yokha imasokoneza anthu ambiri: mauthenga amalowa, koma masamba ena onse amakana, munthu n'kuyamba kuganiza kuti wagula rauta yakufa. Njira yachidule ndi kuika simuyo mu foni kaye, kugula bandulo, kutsegula tsamba limodzi kapena awiri, ndipo ngati simuyo imafunsa nambala yachinsinsi foni ikamayaka, muchotseretu loko ameneyo mukadali pa foni pomwepo. Kenako onani kukula kwa kabowo ka simu pa rauta. Simu ikachepa, musaikankhiremo yokha chifukwa imakodwa mkati n'kupinda timawaya. Ibwezereni m'kafelemu kake kaja kamene munaithyolamo. Ilowetseni rauta ili chizimire, chifukwa marauta ambiri amawerenga simu pa nthawi yoyaka yokha.

Tsopano lumikizani kumagetsi, dinani batani loyatsira, ndipo dikirani mphindi imodzi kapena ziwiri. Kutsogolo kuyaka timagetsi. Kamodzi kamangonena kuti moto wafika, kena kamanena kuti wayifayi ikuulutsidwa, kena ndi ka intaneti, ndipo pali timizere tosonyeza mphamvu ya netiweki. Apa m'pofunika kumvetsa chinthu chimodzi chimene chimamasula mavuto ambiri am'tsogolo. Pali milumikizo iwiri yosiyana. Woyamba ndi wa pakati pa foni yanu ndi rauta, ndiwo wayifayi. Wachiwiri ndi wa pakati pa rauta ndi nsanja ya kampani ya mafoni, ndiwo umabweretsa intaneti. Woyambawo umatha kukhala wamphamvu kwambiri wachiwiri kulibiretu. Choncho foni ikamaonetsa wayifayi yodzadza koma tsamba osatseguka, musalimbane ndi foniyo. Yang'anani kagetsi ka intaneti pa rauta.

Timizere ta netiweki tija ndi timene tikuuzeni malo oika rauta. Yesani pawindo la mbali iyi, kenako la mbali inayo, muone pamene timizere tikuyaka tambiri. Malo okwera ndi oonekera ndi abwino kuposa pansi kuseri kwa televizioni, ndipo makoma a njerwa ndi zitseko zachitsulo zimafooketsa wayifayi.

Tengani foni, tsegulani pa wayifayi, ndipo mufunefune dzina limene lili pa kapepala kaja. Pa rauta yathuyi limayamba ndi `TP-Link_` n'kutsatira zilembo kapena manambala anayi. Lembani pasiwedi ya pakapepalapo. Musanapitirire, zimitsani deta ya mu foni. Mafoni ambiri akaona kuti wayifayi ilibe intaneti amabwerera mwakachetechete ku deta yawo, ndiye inu mukamayesa kulowa mu rauta, foni imakhala ikufunafuna adiresiyo kunja kumene kulibe. Foni ikakufunsani ngati mukufuna kukhalabe pa wayifayi yopanda intaneti, vomerani.

Tsegulani Chrome kapena pulogalamu ina yotsegulira masamba, ndipo m'kabokosi ka pamwamba penipeni lembani adiresi iyi:

```
192.168.1.1
```

Dzina lakuti `tplinkmodem.net` limakufikitsaninso pomwepo. Marauta ambiri a Huawei amagwiritsa ntchito `192.168.8.1`, ena `192.168.0.1`. Ya rauta yanu ili pa kapepala. Mukaona mndandanda wa zotsatira za Google, ndiye kuti mwalemba m'kabokosi kofufuzira m'malo mwa ka adiresi. Tsamba limene mukufunali silili pa intaneti ayi. Lili m'kati mwa rautamo, n'chifukwa chake limatseguka ngakhale simu ilibe bandulo ndipo silidya deta.

Chinthu choyamba chimene tsambalo likupempheni ndi kupanga pasiwedi. Apa ndi pamene anthu ambiri amasokonekera, chifukwa amayesa kuti iyi ndi ya wayifayi. Si imeneyo. Rauta ili ndi mapasiwedi awiri, ngati nyumba ya lendi imene alendi onse ali ndi kiyi wa pageti koma kiyi wa chipinda cha mita ali ndi mwini nyumba yekha. Pasiwedi ya wayifayi mudzapatsa ana, alendo, mwinanso aneba. Iyi yoyambayi ndi yanu nokha, chifukwa amene ali nayo akhoza kusintha dzina la wayifayi, kuona pasiwedi inayo, kutsekera kunja foni ya wina aliyense, ngakhale kuwerenga mauthenga obwera pa simu ija. Zikhale zosiyana. Marauta akale ena amalowedwa ndi mawu akuti `admin` pa dzina ndi pa pasiwedi pomwe. Ngati yanu ndi yotero, sinthani tsiku lomwelo, pakuti mnyamata aliyense wodziwa za mafoni m'dera lanu amawadziwa mawu amenewo.

Mukalowa, rauta imakuyendetsani pa `Quick Setup`. Pa `Time Zone` sankhani `GMT+02:00`, yomwe ndi nthawi ya kuno. Tsamba lotsatira ndi la simu, ndipo nthawi zambiri rauta imakhala itazindikira kale kampani yake. Ngati kagetsi ka intaneti sikanayakebe chonsecho simu munaiyesa mu foni, kawirikawiri vuto limakhala pa `APN`, lomwe ndi dzina la khomo limene kampani ya mafoni imalowetsera makasitomala ake pa intaneti. Pa makampani ambiri dzinalo ndi mawu amodzi akuti `internet`, koma mukhoza kutsimikiza poimbira kampaniyo kapena kuyang'ana mu foni imene ikugwiritsa ntchito netiweki yomweyo. Mumalilemba pa `Advanced`, kenako `Network`, kenako `Internet`, n'kudina `Create Profile`. Simu ikamafunsabe `PIN`, musalote. Mukalakwitsa katatu imadzitseka, ndipo muyenera kukapeza `PUK` kukampani.

Tafika pa `Wireless Settings`, pamene pali timabokosi tiwiri: `Network Name (SSID)` ndi `Password`. Dzina likhoza kufika zilembo 32, ndipo aliyense wodutsa pamsewu ndi foni amaliona. Ine sindiona nzeru kulembapo dzina la banja kapena nambala ya nyumba. Dzina ngati `Mlambe` likukwanira kuti a m'nyumba alizindikire.

Pasiwedi iyenera kukhala ndi zilembo zosachepera 8 ndipo ikhoza kufika 63. Nambala yanu ya foni ndi chaka chobadwa ndizo zoyamba zimene mneba amayesa. Chomwe chimagwira bwino ndi mawu atatu kapena anayi osagwirizana, osakaniza ndi manambala, monga `Dengu7nkhwaniMphezi42`. Ndi yaitali moti kuilota n'kovuta, koma mukhoza kuitchulira agogo iwo n'kulemba. Imeneyi yasindikizidwa kale m'magazini, ndiye pangani yanu. Kumbukirani kuti chilembo chachikulu ndi chaching'ono rauta imaziwerenga mosiyana, ndipo foni imakonda kukulitsa yokha chilembo choyamba kapena kuwonjezera mpata kumapeto. Lembani pasiwediyo papepala musanadine chilichonse.

Pa `Security`, ngati mwapatsidwa mwayi wosankha, tengani `WPA2-PSK` pamodzi ndi `AES`. Marauta atsopano ali ndi `WPA3`, yomwe inatuluka mu 2018 ndipo ndi yolimba koposa, kungoti mafoni ndi makompyuta akale ena saidziwa, choncho amakana kulumikiza. `WEP` ndi yakalekale ndipo imathyoledwa m'mphindi zochepa. Rauta yathuyi imaulutsa pa `2.4GHz` pokha, koma ina imaonetsanso `5GHz`, yomwe imathamanga kwambiri mukakhala pafupi koma siipyola bwino makoma.

Mukadina `Save` kapena `Next`, tsamba liuma ndipo foni yanu ichoka pa wayifayi. Simunawononge kanthu. Dzina lakale lija lafa, ndipo foni sinadziwe latsopanolo. Dikirani pang'ono, bwererani pa mndandanda wa mawayifayi, sankhani `Mlambe`, n'kulemba pasiwedi yatsopano. Pali msampha umodzi kwa amene asintha pasiwedi yokha n'kusiya dzina lakale: foni imapitiriza kuyesa pasiwedi yakale imene inasunga, n'kumangoti yalephera kulumikiza. Dinani pa dzinalo, sankhani `Forget`, ndipo mulumikize ngati koyamba.

Poyesa ngati zatheka, onetsetsani kuti deta ya mu foni ikadali yozima, apo ayi mukhoza kusangalala ndi intaneti imene ikudya bandulo ya foni yanu. Tsegulani tsamba limene simunalitsegule posachedwa. Likabwera, yesaninso ndi foni ina muli kuchipinda chakutali. Magetsi akazima musadandaule, dzina ndi mapasiwedi zimasungika, ndipo rauta imadzuka nazo moto ukabwera.

Nanga mukalemba pasiwedi molakwika n'kudzitsekera kunja? Ngati mukukumbukira ya mwini ija, lumikizani laputopu ndi waya wa m'katoni uja pa bowo lolembedwa `LAN`. Pa waya sipafunika pasiwedi ya wayifayi, ndiye mulowa pa adiresi ija n'kukonza. Ngati mwaiwala zonse ziwiri, kumbuyo kuli batani lolembedwa `RESET`, pa marauta ena lobisika m'kabowo kofuna kansonga ka waya. Rauta ili chiyakire, likanikizeni osasiya kwa masekondi pafupifupi khumi mpaka timagetsi tiphethire. Kungolidina kamodzi sikufufuta kanthu. Ikadzukanso imakhala yaiwala zonse zimene munalemba, kuphatikizapo `APN` ngati munachita kuilemba nokha, ndipo muyambiranso pa dzina ndi pasiwedi za kufakitale.