Seva yatsopano, makalata osatuluka

Tiyerekeze sukulu ina yoyima payokha imene ili ndi webusaiti yolandirira fizi. Kholo likalipira, pulogalamu imalemba lisiti n'kulitumiza pa imelo. Zakhala zikuyenda chonchi zaka zitatu popanda wodandaula. Kenako ana achuluka, webusaiti yayamba kuchedwa, ndipo mnyamata woyang'anira makompyuta waisamutsa kuchoka pa seva yogawana ndi ena kupita pa seva yobwereka ya sukuluyo payokha. Masamba akutseguka mwachangu, mayina a ana onse alipo, ndalama zikuwerengeka bwino. Koma pofika Lolemba foni ya kwa akaunti yayamba kulira. Makolo akufunsa malisiti, ndipo mphunzitsi amene waiwala pasiwedi wadikira uthenga woisinthira mpaka watopa.

Mnyamata uja akulumbira kuti sanakhudze mzere ngakhale umodzi wa pulogalamu, ndipo akunena zoona. Pulogalamu ya pa webusaiti siiperekeza yokha kalata mpaka kwa mwini wake. Imangoilemba n'kuipereka kwa seva ya makalata, monga munthu woponya envulopu ku positi ofesi. Pa seva yogawana ija, positi ofesiyo inali m'nyumba momwemo, yokonzedwa kale ndi eni kampani, ndipo pulogalamu inkangoponya kalata pa adiresi ya `localhost`, kutanthauza kompyuta yomwe ino. Seva yatsopano imabwera yopanda kanthu. Pulogalamu ikagogoda pa `localhost` imalandira yankho lakuti `Connection refused`, chifukwa palibe amene akumvetsera.

Ambiri akafika apa amachita zimene mnyamata wathu wachita: kuika pulogalamu ya makalata yotchedwa Postfix pa seva yatsopanoyo. Uthenga wa vuto uja ukusowa, webusaiti ikunena kuti lisiti latumizidwa, iye akupita kunyumba mtima uli m'malo. M'mawa makolo akuimbabe. Apa vuto lafika poipa kuposa poyamba, chifukwa tsopano labisala. Webusaiti siikunama, kalata inaperekedwadi kwa Postfix, koma Postfix yalephera kuituluka nayo. Lamulo la `mailq` limaonetsa makalata amene ali pamzere, ndipo pansi pa kalata iliyonse pali chifukwa chake:

```
connect to gmail-smtp-in.l.google.com[...]:25: Connection timed out
```

Nambala 25 imeneyo ndiyo nkhani yonse. Kompyuta iliyonse ya pa intaneti ili ndi adiresi yake komanso makomo ambirimbiri a manambala, ndipo ntchito iliyonse ili ndi khomo lake. Amisiri amati "poti", koma poti liwuli lili kale ndi ntchito ina m'Chichewa, ine ndiziti khomo. Masamba a webusaiti amadzera pa 80 ndi 443. Makalata amayenda motsatira ndondomeko yotchedwa SMTP, imene Jon Postel anailemba mu 1982, ndipo khomo lake lakale ndi 25. Pamenepo ndi pamene seva ya makalata imalankhulana ndi seva inzake. Nthawi imeneyo makompyuta olumikizana anali ochepa ndipo eni ake ankadziwana, choncho khomolo silinkafunsa dzina kapena pasiwedi. Mpaka lero, seva yolandira makalata a anthu ake siifunsa pasiwedi kwa wobweretsa kalata pa khomo 25.

Zimenezi zinakomera otumiza makalata achinyengo. Munthu amatha kubwereka seva ya ndalama zochepa, kutumiza makalata mazanamazana m'maola owerengeka, n'kuthawa. Otsala ndi mavuto ndi eni kampani yobwereketsa, chifukwa ma adiresi awo amalowa m'ndandanda wa okanidwa, ndipo makasitomala osalakwa amavutikira limodzi. Nkhuyu zodya mwana zimapota wamkulu. N'chifukwa chake makampaniwa anatseka khomo 25 kwa chilichonse chotuluka. Google Cloud imatseka 25 koma imasiya 587 ndi 465. Amazon imatsekanso 25 pa ma seva ake a EC2, ndipo wofuna kutseguliridwa amalemba fomu yopempha. Hetzner imatseka 25 ndi 465 kwa makasitomala atsopano a ma seva ake obwereka, n'kusiya 587. DigitalOcean imatseka onse atatu. Malamulowa amasinthasintha, ndiye ndi bwino kuwerenga zimene kampani yanu yalemba musanalipire.

Chimene chimasokoneza anthu n'chakuti chitsekocho sichili pa seva yawo. Mnyamata uja akayang'ana mpanda wa chitetezo wa seva yake ndi lamulo la `ufw status verbose`, aona `allow (outgoing)`, kutanthauza kuti zonse zotuluka n'zololedwa. Angathe ngakhale kuuzimitsa mpandawo, palibe chisinthe. Chitseko chili kunja, pa netiweki ya kampani, kumene iye alibe kiyi. Ena amatsegula khomo 25 la zolowa poganiza kuti zithandiza, koma kumeneko n'kutsegula geti lolowera pamene lotsekedwa ndi lotulukira.

Kwa ine, luso lalikulu pa vuto ili ndi kumvetsera mmene kulepherako kukumvekera. Pali kukhala chete, pali kukanidwa, ndipo pali kuyankhidwa mawu osakoma. Ukagogoda n'kungoti zii mpaka nthawi yodikira itatha, `Connection timed out`, kawirikawiri ndiye kuti china chake panjira chikutaya uthenga wako mwakachetechete, ndipo ndi mmene mipanda ya makampani imachitira. Ukalandira `Connection refused` nthawi yomweyo, nthawi zambiri wafika pa nyumba koma pa khomo limenelo palibe womvetsera, mwina walakwitsa nambala kapena adiresi. Koma seva ya kutsidya ikakuyankha ndi nambala monga 535 kapena 550, sangalala pang'ono, chifukwa njira ndi yotseguka ndipo chotsala ndi makonzedwe ako. Ndaonapo anthu akusintha pasiwedi kasanu pamene uthenga ukunena za kutha kwa nthawi. Pasiwedi siingakhale yolakwa ngati sinafike n'komwe kwa woifunsa.

Kuyesa kwake n'kwa mphindi imodzi, ndipo kuchitikire pa seva yeniyeniyo, osati pa laputopu ya mu ofesi, pakuti laputopu imadzera njira ina:

```
nc -vz -w 5 gmail-smtp-in.l.google.com 25
nc -vz -w 5 smtp.gmail.com 587
nc -vz -w 5 smtp.gmail.com 465
```

Lamulo lililonse likugogoda pa khomo limodzi n'kudikira masekondi asanu. Pa seva ya sukulu ija, loyamba ndi lachitatu akutha nthawi, koma lachiwiri likuyankha `succeeded` nthawi yomweyo. Njira yotulukira yapezeka.

Khomo 587 linakhazikitsidwa mu 1998 pofuna kulekanitsa ntchito ziwiri: kupereka kalata yako ku positi ofesi, ndi kunyamula makalata pakati pa ma positi ofesi. Pa 587 sulowa usanatchule dzina ndi pasiwedi, choncho wotumiza zachinyengo amadziwika ndipo akaunti yake imatsekedwa. Ndiye chofunika n'chakuti webusaiti isiye kuyesa kukhala positi ofesi, izipereka makalata ake kwa seva ya makalata yodziwika kale, kaya ya kampani imene imasunga ma imelo a sukuluyo, kaya ya makampani otumiza makalata monga Mailgun, SendGrid kapena Amazon SES. Kumene makomo onse atatu ndi otseka, ena mwa makampaniwa amalandiranso pa 2525, khomo limene silili m'malamulo a SMTP koma linazolowereka, kapena amalandira kalata kudzera pa 443, khomo la masamba limene palibe amalitseka.

Koma mnyamata wathu sanamalize. Wasintha nambala ya khomo kukhala 587, wasiya mzere wa kabisidwe ka uthenga uli `ssl`, ndipo tsopano akuona `wrong version number`. Makomo awiriwa amasiyana poyambira kukambirana. Pa 465, kubisa uthenga ndi TLS kumayamba pa liwu loyamba lenileni. Pa 587, ma seva amayamba apatsana moni poyera, kenako wina amati `STARTTLS`, ndipo kuchokera pamenepo zonse zimabisika. Ukafika pa 587 ukulankhula kale zobisika, mnzako akumva phokoso chabe. Ukafika pa 465 n'kudikira moni wapoyera, nonse mumangoyang'anana mpaka nthawi itatha, ndipo zimenezi zimafanana kwambiri ndi khomo lotsekedwa. N'chifukwa chake `nc` ndi yothandiza, imasiyanitsa ziwirizi. M'mapulogalamu ambiri a PHP mawu ake amasocheretsa: `tls` amayenda ndi 587, `ssl` amayenda ndi 465.

```
MAIL_HOST=smtp.gmail.com
MAIL_PORT=587
MAIL_ENCRYPTION=tls
```

Atakonza zimenezi, yankho lasintha: `535-5.7.8 Username and Password not accepted`. Tsopano tafika pa pasiwedi penipeni. Kuyambira mu 2022, Google siilolanso mapulogalamu kulowa mu akaunti wamba ya Gmail ndi pasiwedi ya masiku onse. Mwini akaunti amayatsa kaye chitsimikizo chachiwiri, chija chofuna foni, kenako amapanga pasiwedi yapadera ya zilembo 16 ya pulogalamuyo. Atayiika, lisiti loyesera likufika. Komabe Gmail wamba imalola makalata pafupifupi 500 pa tsiku, ndipo sukulu ya ana chikwi ingawamalize m'mawa wa tsiku lotsegulira teremu. Poyesera n'njabwino, koma ine sindingamangirepo ntchito ya chaka chonse.

Wina angafunse kuti bwanji osangopempha kampani kuti itsegule 25. N'zotheka kwa ena, koma kutsegula khomo sikutanthauza kuti kalata ilandiridwa. Seva yolandira imafunsa ngati adiresi ya wotumiza ili ndi dzina lolembetsedwa, imayang'ana ngati mwini dzina la sukuluyo analemba mu SPF kuti seva imeneyi ndi yololedwa kutumiza m'malo mwake, komanso ngati kalata ili ndi siginecha ya DKIM. Mu Febuluwale 2024, Gmail ndi Yahoo anakhwimitsa malamulo amenewa. SPF ya sukulu ija ikutchulabe seva yakale, choncho makalata ochokera ku yatsopano angagwere m'bokosi la sipamu kapena kubwezedwa ndi nambala 550. Mzere umenewu uyenera kukonzedwa ngakhale posankha kampani yotumiza makalata, koma kumeneko amakupatsani zoti mukopere, ndipo mbiri ya ma adiresi amaisamala ndi iwo.

Chatsala ndi makalata aja ali pamzere wa Postfix. Kukonza webusaiti sikuwatulutsa, chifukwa iwo akugogodabe pa 25. Postfix ikasiyidwa mmene imabwerera, imayesa masiku asanu kenako imawabweza kwa wotumiza, amene nthawi zambiri ndi akaunti ya `www-data` yomwe palibe amaitsegula. Mnyamata uja ali ndi zosankha ziwiri: kuuza Postfix kuti nayo izidzera pa 587, polemba `relayhost` ndi pasiwedi yake, n'kukankha mzerewo ndi `postqueue -f`, kapena kuufufuta ndi `postsuper -d ALL` n'kutumizanso malisiti kuchokera mu webusaiti. Ine ndingafufute, nditakopera kaye mndandanda wa oyenera kulandira. Pamzerepo pali mauthenga osinthira pasiwedi amene anatha mphamvu kalekale, ndipo mphunzitsi uja anadina batani kasanu ndi kawiri.