Kusanja Mawu mu Excel: Afupi Patsogolo, Kenako Alifabeti

Mphunzitsi wokonza mawu a sipelo amafuna kuti ana ayambe ndi mawu afupi. Wopanga masewera odzaza mawu m'timabokosi amafuna kuti mawu a zilembo zisanu akhale pamodzi, kuti asavutike kupeza olowa bwino pa mpata. Onsewa akadina batani la Sort A to Z mu Excel amakhumudwa, chifukwa bataniro limangotsata alifabeti. Excel alibe batani losanjira mawu potengera kutalika kwake. Kutalikako muyenera kuyamba mwakusandutsa nambala, popeza nambala ndiye amadziwa kuisanja.

Tiyeni tiyese ndi mawu asanu ndi atatu awa: nyumba, galu, madzi, fisi, uta, ng'ombe, dzira, mbuzi. Mu kabokosi A1 lembani mutu wakuti Mawu, ndipo mawuwo muwandandalike kuyambira A2 mpaka A9. Mu B1 lembani Kutalika. Mu B2 mulowe fomula iyi:

```
=LEN(A2)
```

LEN amawerenga zonse zolembedwa m'kabokosi, choncho pa nyumba akupatsani 6. Gwirani kadontho kali pakona yam'munsi, kumanja kwa B2, n'kukakokera pansi mpaka B9. Tsopano mawu alionse ali ndi nambala yake pambali.

Kenako sankhani zonse, kuyambira A1 mpaka B9, mupite pa Data ndi kudina Sort. Onetsetsani kuti pa My data has headers pali chonga, apo ayi mitu ija isakanikirana ndi mawu. Pa Sort by sankhani Kutalika, ndondomeko yake ikhale Smallest to Largest. Dinani Add Level, ndipo pa Then by sankhani Mawu, A to Z. Mukadina OK mndandanda ukhala motere: uta, fisi, galu, dzira, madzi, mbuzi, nyumba, ng'ombe.

Nkhani yonse yagona pa chimene mwaika pamwamba. Excel amayamba watsata lamulo loyamba, ndipo lachiwiri amalifunsa pokhapokha loyambalo likalephera kusiyanitsa. Dzira, madzi ndi mbuzi onse ali ndi 5, ndiye apo alifabeti imalowererapo n'kugamula kuti dzira atsogole. Mukatembenuza, Mawu n'kukhala pamwamba, Kutalika sikupeza ntchito n'komwe, chifukwa alifabeti imakhala itamaliza kale mlandu wonse. Mukaona ng'ombe ali patsogolo pa uta, dziwani kuti mwasemphanitsa malamulowo.

Vuto limene limasokoneza anthu ambiri ndi losaoneka ndi maso. Mawu okopedwa kuchokera kwina amabwera ndi mpata kumapeto, ndipo LEN amauwerenga mpatawo ngati chilembo. Galu wokhala ndi mpata kumbuyo apeza 5 m'malo mwa 4, n'kukakhala pakati pa dzira ndi madzi ngati mlendo wolowa pa ukwati osaitanidwa. Mankhwala ake ndi TRIM, yemwe amachotsa mipata yakutsogolo ndi yakumbuyo kuwerenga kusanayambe.

Nanga ng'ombe bwanji wapeza 7 pomwe zilembo zake ndi zisanu ndi chimodzi? Kachizindikiro kam'mwamba kaja, kotsatira g, nako kawerengedwa. Chodabwitsa n'chakuti posanja mwa alifabeti Excel yemweyo amakadumpha ngati palibepo. Pa masewera a timabokosi, pamene kachizindikiroko sikapatsidwa kabokosi kake, 7 ameneyu ndi wonama. Fomula iyi imathetsa mavuto onse awiri nthawi imodzi:

```
=LEN(SUBSTITUTE(TRIM(A2),"'",""))
```

Ikokereni pansi n'kusanjanso. Ng'ombe atsika kufika pa 6 ndipo atsogola nyumba, popeza g amabwera y asanafike. Chenjerani ndi mawu ochokera mu Word: kumeneko kachizindikiroka nthawi zambiri kamakhala kopindika, ndipo fomula yomwe ikufunafuna kowongoka singakazindikire. Ng'ombe akakakamira pa 7, kopani kopindikako mukaike pakati pa zizindikiro ziwiri zija m'fomula.

Amene ali ndi Excel 2021 kapena Microsoft 365 angathe kusiya mzere wa B n'kulemba fomula imodzi pamalo opanda kanthu:

```
=SORTBY(A2:A9,LEN(A2:A9),1,A2:A9,1)
```

Ma 1 awiriwo akutanthauza kuyambira pa chaching'ono kupita pa chachikulu. Mndandanda wosanjidwa umatsika wokha, ndipo mukasintha mawu mu A nawonso umasintha. Pansi pake pakakhala polembedwa kale, mumangoona #SPILL! mpaka mutapafufuta. Excel 2016 ndi 2019 saidziwa SORTBY, amangoyankha #NAME?.

Ine ndimakondabe njira ya mzere wa B, ngakhale ili yaitaliko pang'ono. Imagwira pa Excel wakale, ndipo LEN yemweyo alipo mu LibreOffice Calc ndi mu Google Sheets. Komanso nambala zili poyera: galu akapeza 5 mumuona nthawi yomweyo, pamene mu SORTBY nambalayo imabisala m'kati mwa fomula. Ngati mndandanda wanu ndi wa mawu mazanamazana ochokera kwa anthu osiyanasiyana, yambani ndi mzere wa B.